Sharpe wa 4 wa mnzanu wa foreksi uja, tiyeni timuwerengere limodzi

"Akulu, ndili ndi R50 000 yomwe ndasunga zaka zitatu ndikugwira ntchito ku Randburg. Ndapeza mafandi awiri, yoyamba akuti yakhala ikubweza 14% pachaka koma Sharpe ratio yake ndi 0.5, yachiwiri 9% yokha koma Sharpe ndi 2. Ndiye pali mnzanga wa kumudzi amapanga foreksi, wandionetsa pafoni kuti wake ndi 4 ndipo zaka ziwiri sanaluzepo mwezi. Iye akuti nambala yaikulu ndiye yabwino basi. Ndiyike kuti? Ine masamu ndinasiyira fomu 4." Wowerenga wa ku Rosettenville

Achimwene, masamu a fomu 4 akukwanira, palibe chomwe tichite apa choposa kuchotsera ndi kugawa. Ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama ikadali m'manja mwanu, ambiri amandipeza itapita kale, atanyamula masikirinishoti okhaokha.

Nambala imeneyi anayambitsa ndi William Sharpe, katswiri wa zachuma wa ku America, mu 1966, yemwe uja anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1990. Funso lomwe ankafuna kuyankha ndi losavuta. Pali ndalama yomwe mungapeze osachita thukuta la mtima, kungoyika malo odekha ngati mabilu a boma a miyezi itatu kapena fandi ya mane maketi. Ndiye mukasiya malo odekhawo n'kupita komwe mitengo imakwera ndi kutsika, akukulipirani zingati pa kugwedezeka komwe mukupirirako? Imalembedwa chonchi:

```
Sharpe = (Rp - Rf) / σ
```

Rp ndi phindu lomwe fandi yabweza. Rf ndi phindu la malo odekha aja. Kachizindikiro kapansiko ndi kugwedezeka, papepala la fandi amalemba kuti Standard deviation kapena Volatility, ndipo kakutanthauza kuti phindu la mwezi ndi mwezi limatalikira bwanji kuchoka pa avereji yake. Taganizirani anthu awiri ogulitsa pamsewu ku Mayfair, onse pakutha pa mwezi avereji yawo ndi R300 patsiku, koma wina amapeza R280, R320, R300, pomwe winayo lero R900 mawa palibe mkuja R50. Avereji ndi imodzi koma wachiwiriyu tulo take n'tosiyana, lendi ikakwana pa tsiku loipa amakakongola. Kusiyana kumeneko ndi komwe kali pansi pa mzere.

Tiyeni titenge mafandi anu. Simunandiuze Rf yomwe agwiritsa ntchito, ndiye ndiyika 7% kuti tiwerengere. Yoyamba, 14 kuchotsa 7 kutsala 7, ndipo kuti Sharpe atuluke 0.5 ndiye kuti kugwedezeka kwake kuli cha pa 14%. Zimenezo ndi zomwe timaona pa fandi ya masheya ambiri, siyodwala ayi. Yachiwiri, 9 kuchotsa 7 kutsala 2, ndipo kuti Sharpe akhale 2 ndiye kuti kugwedezeka ndi 1% yokha. Imeneyi ndikuganiza ndi fandi ya inkamu, yomwe imakongoza ndalama ku mabanki, ku boma ndi ku makampani n'kumatolera chiwongola dzanja. Ndiye mwaona, Sharpe wa 2 uja sanabwere chifukwa fandiyo imapanga ndalama zambiri, wabwera chifukwa nambala yapansi ndi yaying'ono kwambiri.

Apa ndi pomwe mawu a mnzanu aja oti yaikulu ndiye yabwino akuyamba kuterera. Sharpe sagula simenti. Tingoyerekeza kuti mapindu awa apitirira zaka 10, zomwe palibe angakulonjezeni, R50 000 pa 9% ifika cha ku R118 000, pa 14% ifika cha ku R185 000. Wa Sharpe wamng'ono uja ndi amene wakusiyirani ndalama zambiri, kungoti panjira mukhala mutaona chaka china akaunti itatsika ndi 20% kapena kuposa n'kumadzifunsa kuti ndinalakwanji. Ngati ndalamayi ndi ya malata omwe mukufuna kugula Disembala wa chaka chamawa, fandi yachiwiri ikukuyenerani chifukwa nthawi yodikira msika kuti udzuke mulibe. Ngati ndi ya zaka 10 kutsogolo, yoyamba ili ndi mfundo. Nambala ya Sharpe siidziwa kuti inu ndalamayo mukuyifuna liti. Imagwira ntchito bwino mukamayerekeza zofanana, fandi ya masheya ndi inzake ya masheya, pa zaka zomwezo, ndi Rf imodzimodzi. Pamenepo wina akakhala 0.6 wina 0.3 pa zaka 10, mutha kunena kuti woyambayo wakulipirani bwino pa mantha omwewo. Kuyerekeza fandi ya masheya ndi ya inkamu pa Sharpe kuli ngati kufunsa kuti pakati pa bhaki ndi njinga yakabaza chabwino n'chiti osanena katundu yemwe mukunyamula.

Pa fandi yachiwiriyi pali zinthu ziwiri zoti muyang'ane musanasangalale ndi 2 ameneyo. Choyamba ndi Rf. Pansi pakakhala kanambala kakang'ono ngati 1, kusintha pang'ono pamwamba kumasuntha yankho lonse. Ndi Rf ya 8%, Sharpe atsika kufika pa 1. Wina akasankha kuyika 4% akwera kufika pa 5, ndipo alipo ena, makamaka pa intaneti, omwe amangoyika 0 n'kutulutsa 9. Fandi ndi yomweyo, phindu ndi lomwelo. Ndipo kuno ku Joni chiwongola dzanja chimayenda ndithu, banki yaikulu SARB inatsitsa repo, chiwongola dzanja chomwe mabanki amatengera, mpaka 3.5% mu 2020, pofika Meyi 2023 inali pa 8.25%. Ndiye pepala labwino limanena chomwe achotsera, nthawi zambiri muona palembedwa STeFI, yomwe ndi muyezo wa phindu la ndalama zosungitsa kwa nthawi yochepa kuno. Ngati sananene, afunseni.

Chachiwiri ndi chakuti kudekha kwina kumabwera chifukwa chinthucho sichigulitsidwa tsiku ndi tsiku. Sheya ya kampani yaikulu pa JSE, msika wa masheya wa kuno, mtengo wake umasintha mphindi iliyonse, kugwedezeka konse kumaonekera. Koma ngongole yomwe fandi inapereka ku kampani inayake itha kukhala miyezi osagulidwa kapena kugulitsidwa, ndiye m'mabuku mtengo wake umangokhala phee, chiwongola dzanja n'kumalowa, mzere n'kumakwera mowongoka. Chiopsezo chenicheni cha ngongole n'chakuti wokongolayo alephere kubweza, ndipo chimenecho sichigwedezeka pang'onopang'ono, chimagwa tsiku limodzi. Amene munali kuno mu Ogasiti 2014 mukukumbukira African Bank italowa m'manja mwa woyang'anira wapadera, mafandi omwe anali ndi ngongole zake zikuluzikulu anazidula mtengo ndi 10%, ndipo ngakhale mafandi ena a mane maketi, omwe anthu ankati sangatsike, anatsika pang'ono. Sindikunena kuti fandi yanuyo ndi yoipa ayi, mafandi a inkamu ambiri ndi abwinobwino. Ndikungoti tsegulani pepala lake, lija amalitcha MDD, muone kuti akongoza ndani, ngati ambiri ndi boma ndi mabanki akuluakulu kapena makampani omwe simunawamvepo.

Tsopano kwa mnzanu, komwe ndikufuna tikhalitse chifukwa ndi komwe R50 000 yanu ingathere.

Sindikumutcha wakuba, mwina nayenso amakhulupirira nambala yakeyo ndi mtima wonse. Tiyeni timange Sharpe wa 4 ndi manja athu muone mmene amabwerera. Tinene kuti miyezi 24, theka la miyeziyo amapeza 1%, theka linalo 5%. Avereji ndi 3% pamwezi, kugwedezeka ndi 2%. Rf ya 7% pachaka ndi pafupifupi 0.6% pamwezi. Ndiye 3 kuchotsa 0.6 ndi 2.4, kugawa ndi 2 ndi 1.2. Imeneyo ndi ya pamwezi, kuti ikhale ya pachaka amachulukitsa ndi 3.46, yomwe ndi sikweya ruti ya 12, ndipo mupeza 4.15. Ndi ameneyo Sharpe wa pafoni uja. R50 000 yanu ikanakhala itafika cha ku R101 000, ndipo inu mukanakhala mutauza kale alamu anu ndi anzanu a ku tchalitchi kuti alowe nawo.

Ndiye ubwere mwezi wa 25, akaunti igwe ndi 60%. R101 000 ija yatsala cha ku R40 500, yochepera yomwe munayika, pomwe mukanangoisiya pa 7% ikanakhala cha ku R57 500. Tiwerengenso Sharpe ndi miyezi yonse 25. Mapindu onse kuphatikiza anali 72, kuchotsa 60 kutsala 12, kugawa ndi 25 avereji yatsika kufika 0.48% pamwezi, yochepera 0.6 ya malo odekha. Kugwedezeka kwalumpha kuchoka pa 2 kufika cha pa 12.5. Sharpe wachoka pa 4 wafika pansi pa 0 ndi mwezi umodzi wokha. Munthuyo sanasinthe kachitidwe, chiopsezo chinalipo kuyambira tsiku loyamba, kungoti chinali chisanaonekere mu manambala omwe amawerengera. Sharpe amayeza kugwedezeka komwe kunachitika m'miyezi yomwe mwamupatsa, za dzenje lomwe galimoto sinagweremo sadziwa kanthu.

Mwina mufunsa kuti 60% imeneyo ndangoitola kuti ndikuopsezeni. Ayi, pali katiredidwe komwe kamabala ndendende chithunzi chimenechi, ndipo ndi kofala kwambiri mwa anyamata a foreksi ndi maroboti omwe amagulitsana pa WhatsApp. Munthu amagula randi poyembekeza kuti ikwera, ikatsika satseka kuti aluze pang'ono, amagulanso ndi loti yowirikiza, loti kutanthauza kukula kwa tirediyo, ikatsikanso awirikizanso. Msika nthawi zambiri umabwerera pang'ono, ndiye amatseka zonse ndi kaphindu. Amachitcha matingelo kapena giridi. Miyezi yambiri zimayenda, mwezi uliwonse kobiriwira. Koma tsiku lina randi imathamanga mbali imodzi osayang'ana m'mbuyo, ngati mu Disembala 2015 nduna ya zachuma Nhlanhla Nene atachotsedwa usiku, kapena mu Malichi 2020, ndiye maloti owirikiza aja amadya akaunti yonse mpaka buroka amatseka yekha. Kupambana pang'ono kambirimbiri, kuluza kamodzi koma zonse. Sharpe amakonda kwambiri munthu wotere mpaka tsiku limenelo, chifukwa masamu ake amatenga ngati mapindu amamwazikana mofanana mbali zonse za avereji, pomwe apa mbali imodzi ili ndi phompho.

Mmene mungazindikirire ndi apa. Mukakumana naye, muuzeni atsegule pulogalamu yomwe amatiredera, MT4 kapena MT5, pamaso panu, osati sikirinishoti, ndipo muyang'ane mizere iwiri, Balance ndi Equity. Balance imangowerenga matiredi omwe atsekedwa. Equity imaphatikiza ndi omwe akadali otsegula. Munthu wa matingelo amatseka opindula okha n'kusiya oluza ali pompo, ndiye Balance imakwera bwinobwino ngati masitepe pomwe Equity ili pansi. Mukaona Balance R100 000 koma Equity R70 000, dziwani kuti R30 000 ndi luzi yomwe sanaivomereze, ndipo ngati Sharpe wake akuwerengera pa matiredi otsekedwa ndiye kuti luzi imeneyo mulibemo. Ndinaona zimenezi ndi maso anga zaka zapitazo, bambo wina wa kwathu woyendetsa thiraki anabwera ndi laputopu titakhala pa malo ena odyera ku Fordsburg, akundionetsa girafu yowongoka ngati chingwe cha magetsi. Nditatsitsa pansi ndinapeza matiredi otsegula oposa khumi, onse ofiira, maloti akukulirakulira. Ndinamuuza kuti atulutse ndalama sabata yomweyo, anati adikire kaye zibwerere. Sizinabwerere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti izi zimagwira anthu osaphunzira okha. Fandi ya LTCM ku America inali ndi akatswiri awiri a Nobel pakati pa eni ake, zaka zoyambirira inkabweza phindu lalikulu mosagwedezeka kwenikweni, koma inkagwiritsa ntchito ndalama zokongola zochuluka zedi, ndipo mu 1998 Russia italephera kubweza ngongole zake inagwa m'miyezi yochepa mpaka mabanki akuluakulu anasonkha madola pafupifupi 3.6 biliyoni kuti ingagwetse ena. Njira ina yopezera mzere wowongoka ndi kungoulemba. Bernie Madoff kwa zaka zambiri ankaonetsa phindu la mwezi ndi mwezi lodekha modabwitsa, miyezi yoluza yowerengeka, mpaka anamangidwa mu Disembala 2008 zitadziwika kuti ankalipira akale ndi ndalama za atsopano. Kuno komwe tinali ndi Mirror Trading International, FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, inachenjeza mu 2020 ndipo pakutha pa chaka chomwecho zinali zitagwa. Manambala opeka amakhala ndi Sharpe wokongola kuposa enieni chifukwa wolembayo alibe chifukwa cholembera mwezi woipa. N'chifukwa chake ine ndikaona Sharpe wopitirira 2 pa chinthu chomwe chimasewera ndi masheya kapena foreksi, sindisangalala, ndimayamba kufunafuna pomwe abisa chiopsezo. Misika ya masheya ikuluikulu pa zaka zambiri imakhala pansi pa 1, kawirikawiri cha m'ma 0.3 mpaka 0.5. Mnyamata wa foni imodzi akamaposa pamenepo kasanu ndi katatu, funso liyenera kukhalapo.

Nkhani ya zaka zomwe awerengera imakhudzanso mafandi anu awiri aja, osati mnzanu yekha. Mapepala ambiri amaonetsa Sharpe wa zaka zitatu. Kumayambiriro kwa 2020 msika wa JSE unagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'masabata ochepa, koma Sharpe wa zaka zitatu wowerengedwa lero mwezi umenewo mulibemo, unatuluka kale pawindo. Fandi yomwe inayamba 2021 sinayesedwepo ndi nyengo ngati imeneyo. Ndiye funani wa zaka 10 ngati alipo, ndipo pafupi naye yang'anani mzere wolembedwa Maximum drawdown, womwe umanena kugwa kwakukulu komwe fandi inagwapo kuchoka pamwamba kufika pansi, komanso wa Lowest annual return. Amenewa amayankha funso lomwe mtima wanu ukufunsa, loti zikavuta nditsala ndi zingati. Mukaona 30% pa fandi yoyamba, chotsani R15 000 pa R50 000 yanu m'maganizo, muone ngati mungagone osagulitsa. Ngati simungathe, fandi imeneyo si yanu ngakhale Sharpe wake atakhala wotani, chifukwa mudzagulitsa pansi penipeni.

Kachilema kena kakang'ono, Sharpe amalanga kukwera mofanana ndi kutsika. Fandi ikadumpha ndi 15% mwezi umodzi kugwedezeka kumakula ndipo nambala itha kutsika, chonsecho palibe amene amadandaula ndi mwezi wotero. Ena pofuna kukonza zimenezi amagwiritsa ntchito Sortino, yemwe amangowerenga kugwedezeka kopita pansi. Amathandiza, koma kwa mnzanu uja ndiye angakunamizeni koposa, poti miyezi yotsika palibe, pansi pa mzere palibe chogawira.

Ngati muli ndi mapindu a mwezi ndi mwezi mutha kuwerengera nokha pa Excel kapena Google Sheets. Kuyambira mzere wachiwiri, ikani phindu la fandi mu kolamu A, la pamwezi la malo odekha mu B, mu C muchotsere B pa A mzere uliwonse, kenako kwa miyezi 36 lembani:

```
=AVERAGE(C2:C37)/STDEV.S(C2:C37)*SQRT(12)
```

Mukatero seweretsani, chotsani mwezi woipitsitsa muone mmene nambala ikudumphira, kapena onjezani mwezi umodzi wa -30 pansi mu C38 n'kusintha C37 kukhala C38 mu fomulayo. Onetsetsaninso kuti mapindu omwe mwapatsidwa ndi otsala atachotsa mafizi, chifukwa pa fandi yachiwiri ija fizi ya 1% yokha ikudya theka la 2 wa pamwamba uja, Sharpe n'kutsika kuchoka pa 2 kufika pa 1. Mafandi olembetsedwa amaonetsa atachotsa kale fizi ya fandi, koma ya mlangizi ndi ya pulatifomu nthawi zambiri imakhala payokha.

Ndipo poti ndikudziwa kuti ambiri a ife ndalama ya ku Joni mathero ake ndi kumudzi, kumbukirani kuti Sharpe wa papepalayo ndi wa mu randi. Kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo zinthu ngati zimenezo zimasintha zomwe randi yanu ingagule ku Lilongwe kapena ku Mangochi kuposa kusiyana kwa 0.5 ndi 2.

Ine ndikanakhala inu, pakati pa mafandi awiri ndikanasankha potengera tsiku lomwe ndalamayo ikufunika, ndipo palibe choletsa kugawa, ya zaka ziwiri zikubwerazi ku fandi yodekha, yotsalayo ku ya masheya. Koma poti sindikudziwa ngongole zanu, mapepala anu okhalira kuno, kapena ngati muli ndi ina yapadera ya mwadzidzidzi, musanasaine khalani pansi ndi mlangizi wa zachuma yemwe ali ndi nambala ya laisensi yotchedwa FSP, ndipo nambalayo mukaifufuze nokha pa webusaiti ya FSCA, osangokhulupirira yomwe yalembedwa pa kadi. Mufunseni kuti amalipidwa bwanji, ndi inu kapena ndi fandi yomwe akukugulitsaniyo.

Kwa mnzanuyo, kuno munthu woyendetsa ndalama za ena n'kumasankha yekha zogula ndi zogulitsa amayenera kukhala ndi laisensi ya FSCA ya Category II, ndiye mufunseni ngati ali nayo. Mufunsenso siteti ya buroka ya miyezi yonse 24 yotumizidwa kuchokera kwa burokayo, ya akaunti yeniyeni osati ya demo, ndi kuti ali ndi maakaunti angati, chifukwa ena amatsegula asanu, anayi n'kupsa, n'kumaonetsa imodzi yopulumukayo. Mu sitetiyo yang'anani kolamu ya maloti, ngati mukuona 0.01, 0.02, 0.04, 0.08 motsatizana pa peya imodzi ya ndalama, ndi matingelo ameneyo. Akakuuzani kuti ndalama muitumize ku akaunti yake ya kubanki kuti akuyikireni, kapena kuti mukabweretsa anthu ena mulandira komishoni, musatumize ngakhale R500 yoyesera. Ndipo akakwiya kuti simukumukhulupirira chonsecho munakulira limodzi, muuzeni kuti ndi ine ndakutumani mafunsowa, mlandu ukhale wanga.